Asidi Akatayika M'labotale ya Pasukulu

M'kabati ya labotale ya sukulu ya sekondale yomwe imaphunzitsa kemisitiri mokwanira, kawirikawiri mumakhala botolo lalikulu la malita 2.5 lolembedwa H2SO4. Ameneyu ndi asidi wa salifiyuliki. Ukalinyamula botololi umadabwa kulemera kwake, chifukwa lita imodzi ya asidiyu imalemera makilogalamu 1.84, pafupifupi kawiri kulemera kwa lita ya madzi. Ambiri timamudziwa kuchokera m'batire ya galimoto, ndipo timadziwa mmene amaboolera malaya a makaniko. Komatu wa m'batire uja ngosungunula kale, gawo lalikulu ndi madzi. Wa m'botolo la pasukulu ndi asidi wokhawokha, magawo 98 pa 100 alionse.

Choopsa chake china n'choti sachenjeza. Amaoneka ngati madzi, safuka utsi, ndipo samveka fungo loti munthu n'kutseka mphuno. Mwana wolowa m'chipinda momwe watayika akhoza kumuponda kapena kumupukuta ndi dzanja osadziwa kanthu. N'chifukwa chake ndikunena kuti asidiyu akatayika, chomwe chimapulumutsa anthu koyamba ndi mawu. Amene waona anene msanga, ndipo anene zolondola: mankhwala ake ndi ati, ngamphamvu bwanji, atayika ochuluka bwanji, akhudza ndani. Zonse zomwe mphunzitsi wamkulu ndi woyang'anira za chitetezo angachite pambuyo pake zimadalira mawu amenewa.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyerekeze ngozi imodzi n'kuitsatira kuyambira pomwe botolo lagwa mpaka pomwe lipoti lasainidwa.

Ndi m'mawa, kalasi ya Fomu 3 yalowa m'labotale. Dzulo lake wothandizira m'labotale anatsanulira asidi wosasungunula m'botolo laling'ono la mamililita 500 kuti akonze asidi wosungunula woti ana agwiritse ntchito. Watsala theka, ndipo botolo laiwalika m'mphepete mwa tebulo la kutsogolo. Ana akupanikizana polowa, lamba wa chikwama cha mnyamata wina wakola botololo, lagwa pa simenti, phwaa! Asidi wafalikira pansi malo okwana ngati mapazi angapo, ndipo wina wathovukira pamsongolo, pasokosi ndi pansapato ya mtsikana yemwe anali pafupi.

"Aphunzitsi, botolo lasweka! Lamuthira mwendo!"

Mwana amene wafuula chonchiyu wachita ntchito yaikulu kuposa wina aliyense tsiku limenelo. Akadakhala kuti anawo anaopa chilango n'kuyamba kupukuta mwakachetechete ndi mapepala a m'kope, nkhani ikadakhala ina.

Munthu choyamba, pansi pambuyo

Mphunzitsi ali ndi zinthu ziwiri patsogolo pake, mwana ndi dziwe la asidi. Dziwe likhoza kudikira. Simenti idzadyeka pang'ono, koma simenti imakonzeka. Khungu silidikira, chifukwa asidi wa salifiyuliki amayamwa madzi a m'minofu n'kutulutsa kutentha, ndiye amawotcha pawiri, ngati mankhwala komanso ngati moto. Choncho mphunzitsi alamule ana onse kutuluka, adutsire kutali ndi pomwe patayika, ndipo atume mwana mmodzi yekha, pomutchula dzina, kuti athamangire ku ofesi. Kunena kuti "wina apite akaitane ahedi" kumachititsa kuti pasapite aliyense kapena apite khumi. Iyeyo apite ndi mtsikanayo pampopi nthawi yomweyo.

Mankhwala a khungu lothiridwa asidi ndi madzi oyenda, ambiri, kwa mphindi zosachepera 20. Nsapato ndi sokosi zivulidwe madzi akuthiridwa kale, chifukwa nsalu yonyowa ndi asidi imamusunga pakhungu. Womuvula avale magolovesi. Ngati asidi wagwera pabulauzi kapena pamalaya, chovalacho chidulidwe ndi sizasi, chisavulidwe modutsa kumutu, kuopa kumupaka kumaso. Apa pamafunika nzeru za umunthu. Mtsikana wa Fomu 3 akhoza kukana kuvula siketi pamaso pa mphunzitsi wamwamuna ngakhale akumva kuwotcha, ndipo mphindi zotaika pokangana ndi zomwe zimakulitsa bala. Mphunzitsi wamkazi aitanidwe msanga, atsikana awiri agwire chitenje motchinga, madzi asaleke kuyenda.

Mphindi 20 n'zambiri kuposa mmene timaganizira. Mwana akanena kuti ululu wachepa pakatha mphindi zitatu, aliyense amafuna kusiya, koma asidi wolowa kale m'khungu amakhala akugwirabe ntchito. Wina ayang'ane wotchi ndipo nthawi yoyambira ndi yosiyira ilembedwe. Nanga kumpopi kukakhala kouma? Tiwerengere. Ngati mukuthira malita atatu pa mphindi ndi kapu kapena jagi, mphindi 20 zifuna malita 60, zomwe ndi ndowa zitatu za malita 20. Sukulu yomwe madzi amavutavuta iyenera kukhala ndi ndowa zitatu zodzadza, zovindikira, m'labotale momwemo phunziro lisanayambe. Kuthamangira kumjigo mwana akupsa n'kuchedwa kale. Ine ndimaona kuti mphunzitsi amene wakana kutsegula botolo la asidi tsiku lomwe kulibe madzi sanalakwe, ngakhale silabasi ikhale ikuthamanga.

Pabala pasapakidwe kalikonse. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena odzola, zonsezi zimatsekera asidi ndi kutentha pakhungu, n'kupatsanso ntchito achipatala yoyamba kuchotsa zopakazo. Ngakhale soda, yemwe tiona kuti ndi wofunika pansi, asathiridwe pakhungu, chifukwa akakumana ndi asidi pamatuluka kutentha kwina pabala pomwepo. Asidi akalowa m'diso, zikope zitsegulidwe ndi zala, madzi ayende pang'onopang'ono kuchokera mbali ya mphuno kupita kunja kuti asatsukire m'diso linalo, kwa mphindi 20 kapena kupitirira, ndipo mwanayo apite kuchipatala ngakhale atanena kuti akuona bwino.

Zomwe ahedi ayenera kumva

Mwana wotumidwa uja wafika ku ofesi akupuma mwawefuwefu. Akangonena kuti "kulabotale kwachitika ngozi," mphunzitsi wamkulu sadziwa ngati afune galimoto, chozimitsira moto kapena makiyi. Mphunzitsi wanzeru amamupatsa mwanayo mawu ochepa oti akanene, ndipo amamuuza awabwereze asananyamuke:

"Ahedi, aphunzitsi akuti asidi wa salifiyuliki wosasungunula watayika m'labotale, ngati kota ya lita. Mtsikana mmodzi wathiridwa pamwendo, akumutsuka. Akuti pakufunika galimoto ya kuchipatala ndi madamu mmodzi."

Ndi mawu amenewa mphunzitsi wamkulu akudziwa ntchito yake. Ntchitoyo si yokapukuta pansi ayi. Yake ndi kupeza galimoto kapena njinga yamoto, kuimbira makolo, kutumiza mphunzitsi wina akasunge kalasi yomwe yatulutsidwa kuti ana asaunjikane pakhomo, ndi kulamula kuti kalasi yotsatira isalowe. Aitanenso woyang'anira za chitetezo. Pasukulu zambiri palibe munthu wolembedwa ntchito imeneyi payokha, udindowu umagwera mkulu wa dipatimenti ya sayansi kapena wothandizira m'labotale. Palibe cholakwika ndi zimenezo, bola akhale wodziwika ndi dzina kwa aphunzitsi ndi ana omwe, ndipo pakhale wina wogwirizira tsiku lomwe wachokapo.

Mawu oti "wosasungunula" aja ndiwo olemera kwambiri mu uthenga wonsewo, ndipo masamu ake akusonyeza chifukwa. Akatswiri amawerengera mankhwala m'mamolo. Lita imodzi ya asidi wosasungunula ili ndi mamolo pafupifupi 18.4, choncho mamililita 250 omwe atayika ali ndi mamolo 4.6. Chothetsa mphamvu ya asidi chomwe chimapezeka mosavuta ndi soda wophikira, yemwe amayi amathira m'therere, NaHCO3. Molo imodzi ya asidiyu imafuna mamolo awiri a soda:

H2SO4 + 2NaHCO3 → Na2SO4 + 2H2O + 2CO2

Ndiye mamolo 4.6 afuna mamolo 9.2 a soda. Molo imodzi ya soda imalemera magalamu 84, kutanthauza magalamu pafupifupi 770. Kuti pakhale wapadera, tinene kilogalamu imodzi. Tsopano tiyerekeze kuti omwe anatayika anali mamililita 250 omwewo koma a asidi wosungunula, wa molo imodzi pa lita, wonga amene ana amapatsidwa pamatebulo awo. Soda wofunika ndi magalamu 42 okha, masipuni aakulu atatu. Dziwe pansi likuoneka chimodzimodzi, kukula kwake n'kofanana, koma lina likufuna masipuni atatu pamene lina likufuna kilogalamu. Woyang'anira za chitetezo amene wauzidwa kuti "asidi watayika" basi akhoza kubwera ndi kapaketi kamodzi ka soda, n'kuthira, n'kuona kuti kwachita thovu, n'kuganiza kuti zatha, pamene gawo lalikulu la asidi lidakali lamoyo pansi. Ndipo likadakhala botolo lalikulu lija lodzadza, pakadafunika soda wokwana makilogalamu pafupifupi asanu ndi atatu.

Kuchotsa asidi pansi

Woyang'anira za chitetezo wafika. Asanakhudze kanthu awerenge chizindikiro pa zidutswa za botolo kuti atsimikize zomwe wauzidwa. Mabotolo a masiku ano amakhala ndi chithunzi chozunguliridwa ndi mzere wofiira, choonetsa madontho akudya dzanja ndi chitsulo, kusonyeza kuti mankhwalawo amadya thupi. Ogulitsa mankhwala amayeneranso kupereka pepala lotchedwa SDS, lomwe lili ndi zigawo 16. Chigawo 4 chimanena za chithandizo choyamba, chigawo 6 za chochita mankhwala akatayika, chigawo 13 za katayidwe ka zotsala. Mapepala amenewa malo ake ndi m'labotale pomwe dzanja lingafike, osati m'kabati yokiya ya ku ofesi.

Avale magalasi otchinga maso, magolovesi ochindikala osalowa mankhwala, nsapato zotseka, makamaka majombo, ndi chovala cha m'labotale. Mazenera atsegulidwe. Asagwire ntchitoyi ali yekha, ndipo womuthandiza akhale munthu wamkulu, osati mwana wasukulu.

Chomwe dzanja limafuna kuchita mwachibadwa ndi kukhuthulira ndowa ya madzi padziwelo n'kutenga chokolopera. Pamenepa ndiye pamavulalira anthu. Wina angafunse kuti bwanji madzi ali abwino pakhungu koma oipa pansi. Asidi wa salifiyuliki akakumana ndi madzi amatulutsa kutentha kwakukulu. Pakhungu asidi amakhala wochepa, madzi ambiri ndi oyenda, ndiye amanyamula asidi ndi kutentha komwe n'kupita nazo. Pansi zimatembenuka. Asidi ndi wambiri, madzi oyamba kufika ndi ochepa, ndiye amawira nthawi yomweyo n'kuthovutsira asidi kumaso ndi m'manja, kwinaku dziwe likufalikira pansi pa matebulo. N'chifukwa chake lamulo loyamba lomwe aliyense wophunzira kemisitiri amauzidwa ndi loti asidi ndiye amathiridwa m'madzi, pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi.

Nsanza, nyuzipepala ndi utuchi nazonso ayi. Asidiyu amazitentha n'kuzisandutsa makala, zimafuka, ndipo wogwira nsanza amapsa zala. Choopsa kuposa zonsezi ndi madzi a klorini. Chiyambire mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, klorini amapezeka m'sukulu zambiri, ndipo wokolopa wachikondi akhoza kuganiza kuti ndiye woyeretsa bwino. Klorini akasakanikirana ndi asidi pamatuluka mpweya wapoizoni wowotcha maso ndi mapapo. Ogwira ntchito yoyeretsa ayenera kuuzidwa zimenezi mwachindunji, chifukwa nthawi zambiri iwo ndi amene saitanidwa kumisonkhano ya dipatimenti ya sayansi.

Choyenera ndi mchenga wouma. Authire mozungulira dziwe kaye kuti lisapitirire, makamaka mbali yolowera ku ngalande kapena pansi pa kabati, kenaka akwirire pakati mpaka pasaoneke chonyezimira. Magalasi osweka atoledwe ndi chopanira, osati ndi zala ngakhale zili m'magolovesi. Mchenga wonyowawo awoledwe ndi chowolera cha pulasitiki n'kuikidwa m'ndowa ya pulasitiki. Ndowa yachitsulo siyoyenera, chifukwa asidi akasungunuka amadya chitsulo n'kutulutsa mpweya wa haidulojeni womwe umayaka.

Ndowayo atuluke nayo panja pamalo opita mphepo, kutali ndi ana. M'ndowa ina yaikulu athiremo madzi ambiri osafika pakamwa, kenaka azitapa mchenga wa asidi uja pang'onopang'ono n'kumauthira m'madzimo, akutakasa ndi ndodo. Akatero ayambe kuthira soda, sipuni ndi sipuni. Apa kudekha n'kofunika, chifukwa cha mpweya uja ukuoneka kumapeto kwa masamu athu. Mamolo 9.2 a CO2 ndi malita pafupifupi 220, mpweya wodzadza mgolo wathunthu n'kutsalako. Ukathira soda yense kamodzi, mpweya wonsewo umatuluka nthawi imodzi, thovu la asidi n'kusefukira kumapazi.

Nanga adziwa bwanji kuti zatheka? Chizindikiro choyamba n'choti akathira soda wina n'kutakasa, sipachitanso thovu. Koma maso okha sakwanira. Aviikemo kapepala ka litimasi kabuluu. Kakafiira, asidi adakalipo. Kakakhalabe kabuluu, mphamvu yatha. Ngati pali kapepala koyezera pH, nambala ikhale pakati pa 6 ndi 8. Zomwe zatsala m'ndowamo ndi madzi a mchere wotchedwa sodiyamu salifeti, ndipo akhoza kutsanuliridwa m'sinki ya labotale ndi madzi ena ambiri. Asatayidwe m'ngalande ya madzi a mvula kapena pafupi ndi mjigo.

Pansi ponso pafunika ntchito yomweyo. Awazepo soda, anyowetse pang'ono, adikire thovu lithe, akolope, kenaka ayeze ndi litimasi m'malo angapo, makamaka m'ming'alu ya simenti, m'munsi mwa miyendo ya matebulo ndi pansi pa kabati. Asidi wa salifiyuliki sauma n'kuchoka monga amachitira madzi. Dontho lomwe laiwalika limakhalapo, ndipo ngakhale linali losungunula, madzi ake akamauma limanka likulirakulira mphamvu. Ichi ndicho chifukwa chake mwana amatha kubwera patapita masiku ndi yunifolomu yobooka timabowo pomwe iye sanamve kanthu. Choncho ana onse omwe anali pafupi ayang'anidwe nsapato, masokosi ndi zikwama asanapite kwawo.

Pali malire a zomwe sukulu ingachite payokha, ndipo woyang'anira za chitetezo wabwino amawadziwa. Ngati lasweka ndi botolo lalikulu lodzadza, ngati mabotolo angapo asweka n'kusakanikirana, ngati pakufuka utsi wotsamwitsa, kapena ngati chizindikiro chinafufutika moti palibe akudziwa mankhwalawo, chochita ndi kutulutsa aliyense, kutseka chitseko, kulembapo chenjezo n'kuitana thandizo la ozimitsa moto kapena akatswiri kudzera ku ofesi ya maphunziro. Komanso njira ya mchenga ndi soda ndi ya asidi basi. Mekyuli, yemwe amapezeka m'zoyezera kutentha zakale, samva soda, ndipo kumusesa ndi tsache kumangomumwaza m'timadontho tosaoneka totulutsa mpweya wapoizoni. Mu Okutobala 2003, pasukulu ya sekondale ya Ballou mumzinda wa Washington ku America, wophunzira wina anatenga mekyuli wokwana mamililita 250 m'labotale n'kugulitsako kwa anzake. Anamwazika m'makalasi mpaka kukafika m'nyumba zina za ana. Sukuluyo inatsekedwa masiku 35, ndipo kuyeretsa kunadya ndalama pafupifupi madola 1.5 miliyoni. Muyeso wake ndi womwewo wa asidi wathu uja, kota ya lita, koma ntchito yake ndi ina kotheratu.

Kuchipatala ndi papepala

Mtsikana uja watsukidwa mphindi zake zonse. Pabala paphimbidwe momasuka ndi nsalu yoyera yopanda ubweya, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Bala la asidi limanamiza. Poyamba limaoneka laling'ono, kenaka n'kudzaonekera kuya kwake mawa kapena mkuja. Malo omwe ayera, atuwa kapena kuderako, makamaka ngati sakupwetekanso, ndi oopsa kuposa ofiira opweteka, chifukwa kusamva ululu kukhoza kutanthauza kuti mitsempha yapsa. Woperekeza anyamule kapepala kolembedwa dzina la mankhwala, mphamvu yake, nthawi yomwe ngozi inachitika ndi kutalika kwa nthawi yotsuka. Achipatala akaona kuti bala ndi lakuya adzatumiza mwanayo kuchipatala chachikulu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena cha Kamuzu ku Lilongwe, komwe kuli mbali yosamalira anthu opsa.

Lipoti lilembedwe tsiku lomwelo, mutu usanayambe kukonza nkhani. Siliyenera kutalika. La ngozi yathuyi lingamveke motere:

"Lero nthawi ya 9:40 m'mawa, m'labotale ya kemisitiri, botolo la mamililita 500 lokhala ndi asidi wa salifiyuliki wosasungunula pafupifupi mamililita 250 linagwa kuchokera patebulo la kutsogolo litakodwa ndi lamba wa chikwama pamene Fomu 3 imalowa. Wophunzira mmodzi anathiridwa pamsongolo wakumanja. Anatsukidwa ndi madzi kuyambira 9:41 mpaka 10:05, ndipo anapita kuchipatala 10:15. Makolo anaimbiridwa 9:55. Asidi anakwiriridwa ndi mchenga, anathetsedwa mphamvu ndi soda wokwana kilogalamu imodzi, ndipo pansi panayezedwa ndi litimasi m'malo asanu. Botololi linatsala patebulo kuyambira dzulo. Zikwama zimaloledwa kulowa m'labotale. Soda analipo magalamu 200 okha, wina anakagulidwa kugolosale."

Taonani ziganizo zitatu zomalizazo. M'menemo ndi momwe muli phindu la lipoti lonse. N'zosavuta kulemba kuti "ngozi inachitika chifukwa cha kusasamala kwa wophunzira," n'kumupatsa mnyamatayo chibalo chofukula dzenje, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma lamba wa chikwama anangomaliza zomwe zinayamba dzulo. Asidi wosasungunula analibe chifukwa chokhalira m'chipinda cholowa ana, malo ake ndi m'stolo yokiya, pashelefu ya m'munsi, m'beseni la pulasitiki loti likhoza kugwira zotayika. Zikwama zinayenera kutsala panja. Soda anayenera kukhalapo wokwanira botolo lomwe limatsegulidwa. Zitatu zonsezi ndi zinthu zomwe mphunzitsi wamkulu angasinthe sabata yomweyo, pafupifupi popanda ndalama. Chibalo cha mnyamata sichisintha ngakhale chimodzi. Chimangophunzitsa kalasi yonse kuti tsiku lina botolo likadzasweka, ndi bwino kukhala chete.

Ndikudziwa kuti kulemba choncho n'kowawa kwa mphunzitsi kapena wothandizira amene anaiwala botolo, chifukwa amaopa kuti pepalalo lidzamutsata. Apa mphunzitsi wamkulu ndiye ali ndi mphamvu. Akalandira lipoti loona n'kuyamba ndi kukalipa, sadzalandiranso lipoti loona. Ndipo akabisa nkhani pofuna kuteteza mbiri ya sukulu, adziwe kuti makolo adzaimva ndithu madzulo omwewo kuchokera kwa ana, itakula kale, ndipo chomwe chidzawapweteke kwambiri n'choti sukulu sinawauze. Mwana akavulala, makolo amve kuchokera kwa ahedi eni ake, ndipo lipoti lipite ku ofesi ya maphunziro ya chigawo yomwe imayang'anira sukuluyo. Akakhala kuti wavulala ndi mphunzitsi kapena wothandizira, pepala lomweli ndi lomwe lidzakhale umboni wake, poti dziko la Malawi lili ndi lamulo la 2000 loona za chipukuta misozi cha ovulala pantchito, kuphatikiza pa lamulo la 1997 la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pamalo a ntchito.

Woyang'anira za chitetezo asunge malipoti onse m'buku limodzi, ngakhale a ngozi zomwe sizinavulaze munthu. Dontho lomwe linangoboola nsalu ya patebulo, botolo lomwe linapezeka lopanda chizindikiro, chivindikiro chomwe chinathetheka, zonsezi zilembedwe. Akamawerenga bukulo kumapeto kwa teremu adzaona zomwe zikubwerezabwereza, mwina tebulo lomwelo, mwina nthawi yomweyo yosinthana makalasi, mwina masabata okonzekera mayeso a MSCE pamene mankhwala ambiri amasungunulidwa mothamanga. Labotale isatsegulidwenso mpaka iye atasaina kuti pansi payezedwa, ndowa zadzadzidwanso ndipo soda ndi mchenga zabwezeretsedwa.

Inu makolo a m'komiti ya sukulu, ndi inu ahedi, musadikire kuti botolo ligwe. Sabata ino lowani m'labotale mufunse kuti akuonetseni ndowa ya mchenga wouma, soda wosachepera kilogalamu imodzi, magolovesi, magalasi a maso ndi madzi okwana mphindi 20. Kenaka imitsani mwana aliyense wa Fomu 3 pakhonde mumufunse kuti, asidi atatayika lero, angakauze ndani ndipo angakanene chiyani. Akalephera kuyankha, yambirani pamenepo.